Ndalama zakanirira panjira: zoyenera ndi zosayenera polembera kampani

Tiyerekeze kuti muli ku Joni, mwatumiza R1,500 kwa mayi anu ku Dedza, koma sabata yatha asanalandire. Kuimba foni sikunathandize, ndiye mwaganiza zolembera kalata kampani yomwe munatumizira ndalamazo.

Zoyenera: Yambani ndi nambala ya oda yomwe ili pa lisiti kapena mu uthenga wa pafoni. Kenako tchulani tsiku, malo omwe munalipirira, ndalama zomwe munapereka m'marandi, ndi makwacha omwe mayi amayenera kulandira. Wogwira ntchito kumeneko amafufuza ndi nambalayo.

Zosayenera: Musayambe ndi nkhani ya feteleza kapena fizi. N'zoona zikupweteka, koma sizimuthandiza kupeza oda yanu.

Zoyenera: Afunseni kaye mayi zomwe ejenti ananena, chifukwa "sanandipatse" ali ndi magwero angapo. Ngati ejenti analibe ndalama m'bokosi, kalata siyofunika. Apite kwa wina. Kawirikawiri vuto limakhala dzina. Inu munalemba Malita pomwe chiphaso chaunzika chikuti Marita, kapena munaika dzina la bambo anu pomwe pachiphaso pali la kwawo kwa mayi. Ejenti salakwa kukana, lamulo limamumanga. Zikatero, lembani dzina ndendende monga lilili pachiphasocho, mupemphe kuti akonze. Onetsetsaninso kuti chiphasocho sichinathe ntchito.

Zosayenera: Musalembe kuti "mwandibera" musanadziwe pomwe pakanika. Komanso musauze mayi kukabwereka chiphaso cha mnansi.

Zoyenera: Pemphani chinthu chimodzi momveka: akonze dzina, asinthe wolandira, kapena akubwezereni. Mukasankha kubwezeredwa, afunseni alembe kuti abweza zingati. Ndalama yotumizira ija mwina siyibwerera, ndiponso mtengo wa randi umasintha. Kumbukirani Novembala 2023, pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti: makwacha ogona pa oda nthawi ngati imeneyo amasungunuka. Kwa ine, kukonza dzina kumaposa kubwezeredwa, chifukwa simulipiranso kachiwiri.

Zosayenera: Musatumize ndalama zina oda yoyamba isanathetsedwe.

Zoyenera: Kampani ikanena kuti ndalama zinatengedwa kale pomwe mayi akukana, nkhani yakula. Pemphani tsiku, nthawi, malo a ejenti, ndi mtundu wa chiphaso chomwe anaonetsa wotengayo. Tumizani chithunzi cha lisiti, lenilenilo musunge, ndipo funsani nambala ya dandaulo lanu.

Zosayenera: Musaike nambala yanu yachinsinsi m'kalata, ngakhale wina atakuimbirani n'kunena kuti ndi wa kampani. Nambala ya oda musaiponye m'gulu la WhatsApp la anthu akumudzi.

Kalatayo ilembedwe m'dzina la amene anatumiza. Ngati munagwiritsa ntchito akaunti ya mnzanu chifukwa cha mapepala, asayine ndi iyeyo, poti kampani imadziwa iye, osati inu.