Foni ikasunga moto, imasunganso makalata anu

Eni mafoni ambiri ku Katoto amadandaula kuti imelo yafika koma foni sinalire, kapena yalira patadutsa maola. Kawirikawiri mlandu umagwera netiweki ya TNM kapena Airtel, mwinanso amene anatumiza kalatayo. Koma nthawi zambiri netiweki imakhala ilibe chifukwa. Wogwira kalata panjira ndi kachipangizo kamene kali m'foni mwanu momwemo, kamene ntchito yake ndi kusunga moto wa batire. Kachipangizoka n'kabwino ndithu, makamaka kuno kumene magetsi a ESCOM amathima osatsanzika, ndipo sitikukulangizani kuti mukazimitse. Chofunika ndi kukauza kuti pulogalamu imodzi yokha, ya imelo, isagonekedwe pamodzi ndi zinazo.

Kugoneka mapulogalamu kumeneku kunabwera mu 2015 ndi Android 6.0, ndipo a Google anakutcha Doze. Foni ikakhala kuti siili pa tchaja, sikirini yazima, ndipo yakhala nthawi osaigwira, imatsekera mapulogalamu njira ya intaneti. Pakapita kanthawi imawatsegulira pang'ono kuti atenge zimene zafika, kenako imatsekanso, ndipo foni ikapitiriza kugona mipata imeneyi imanka nitalikirana mpaka maola. Android 7 ya mu 2016 inawonjezera kuti kugonako kuziyambako ngakhale foni ili m'thumba munthu akuyenda, ndipo Android 9 ya mu 2018 inabweretsa Adaptive Battery, imene imaona mapulogalamu amene simutsegula kawirikawiri n'kuwachepetsera mpata. Apa ndi pamene imelo imagwera m'mbuna. Munthu amatsegula WhatsApp tsiku lonse, koma Gmail mwina kamodzi pa sabata, choncho foni imaiika m'gulu la zosafunika. Opanga mafoni nawonso amaikapo zawo pamwamba pa za Google, ndipo Tecno, Infinix ndi Itel, mafoni amene adzaza m'mashopu a mu Mzuzu, ali ndi zoyeretsera zimene zimatseka mapulogalamu ogwira ntchito kuseri.

Wina anganene kuti, ngati vuto ndi batire, bwanji uthenga wa Mpamba ndi Airtel Money umafika pomwepo, WhatsApp nayo n'kumalira usiku wonse? Funso limeneli n'lanzeru, koma yankho lake likutsimikiza mfundo yomweyi. Uthenga wa ndalama umadzera njira ya mauthenga wamba a foni, imene sidalira intaneti ndipo Doze saitseka. WhatsApp imatumiza mauthenga ake ndi chizindikiro choti ndi achangu, ndipo Android imalola uthenga wotere kudzutsa foni. Imelo nthawi zambiri imadikira mpata wake. Choncho kulira kwa WhatsApp sikusonyeza kuti foni ili bwino pa zonse. Kukungosonyeza kuti netiweki ilipo, ndipo ngati netiweki ilipo koma kalata sikufika, wolakwa tim'funefune kwina.

Tiyerekeze mtsikana wa ku Katoto amene anafunsira ntchito, ndipo ali ndi Tecno. Kalata yomuitanira ku mayeso yatumizidwa 9 koloko m'mawa, kuti ayankhe isanakwane 12 koloko. Magetsi anathima usiku, batire ili pa 18 peresenti, ndipo wayatsa chosungira moto n'kuika foni pawindo. Foni yalira 2 koloko masana, magetsi atabwera iye n'kuibaya pa tchaja. Zizindikiro zonse zili pamenepa. Nthawi yolembedwa pa kalata ndi 9:00 koma kulira kwachitika 14:00, makalata angapo afika pamodzi, ndipo afika pa mphindi imene foni yalandira moto, chifukwa foni ikakhala pa tchaja Doze amasiya. Akanatsegula Gmail yekha 10 koloko, kalata ikanatsika nthawi yomweyo. Izi zikusiyana ndi vuto la bandulo. Amene wagula bandulo ya WhatsApp yokha, kapena amene bandulo yake yatha, ngakhale atsegule Gmail ndi kukokera sikirini pansi, palibe chimene chimatsika.

Kukonza kwake sikufuna mmisiri. Dinikizani chizindikiro cha Gmail kwa kanthawi mpaka patuluke App info, lowani pa Battery, ndipo pa Android 12 kupita m'tsogolo mupeza mawu atatu: Unrestricted, Optimized ndi Restricted. Sankhani Unrestricted. Pa mafoni akale, funani Battery optimization mu Settings, pezani Gmail n'kusankha Don't optimize. Pa Tecno ndi Infinix musalekere pomwepo, chifukwa pulogalamu ya Phone Master ili ndi Auto-start management, ndipo Gmail iyenera kuloledwa pamenepo. Chizolowezi chodina batani loyeretsa foni kangapo patsiku chichepe, pakuti chimatseka zomwezo zimene mukufuna zikhale maso. Pa Samsung, pansi pa Background usage limits pali Sleeping apps ndi Deep sleeping apps. Pulogalamu imene ili m'gulu lachiwirili siigwira ntchito kuseri mpaka mutaitsegula nokha, ndiye Gmail ichotseni m'menemo n'kuiika pa Never sleeping apps. Muonenso ngati Data Saver ndi yoyatsa, chifukwa nayo imatseka intaneti ya kuseri, ndipo Gmail muilole pa Unrestricted data. Pomaliza, m'kati mwa Gmail, pa Settings ya akaunti yanu, Sync Gmail ikhale yochongedwa. Mayina a malowa amasiyanako malinga ndi foni, koma polemba battery m'bokosi lofufuzira la Settings mufikapo.

Chotsutsa china n'chakuti kumasula Gmail kudya moto umene tikuusunga movutikira, ndipo kwa munthu wolipira potchajitsa foni imeneyi si nkhani yaing'ono. N'zoona kuti moto wina upitapo. Koma chimene chimamaliza batire kwambiri ndi sikirini yowala, mavidiyo, ndiponso foni kulimbana ndi netiweki yofooka. Pulogalamu imodzi yotenga makalata a mawu okhaokha imadya pang'ono poyerekeza ndi zimenezi, ndipo mukhoza kudzionera nokha pa Battery usage pakatha masiku angapo. Cholakwika n'kumasula mapulogalamu onse chifukwa chokwiya, kapena kuzimitsiratu chosungira moto. Pamenepo batire ithadi msanga, ndipo foni yozima silandira kalata iliyonse.

Pali malire amene tiyenera kuwavomereza. Ultra Power Saving, imene imasiya mapulogalamu ochepa okha pa sikirini, imatseka zina zonse, ndipo Unrestricted singakuthandizeni pamenepo. Pa iPhone, Low Power Mode, imene foni imakufunsani kuti muyatse batire ikafika pa 20 peresenti ndipo imasandutsa chizindikiro cha batire kukhala chachikasu, imaimitsa kutenga makalata kwa kuseri. Imelo ya kuntchito imene munaiwonjezera mu Gmail koma si ya Google imatsatira Sync frequency, kumene kawirikawiri mpata wocheperapo ndi mphindi 15, ndiye kuchedwa kotere si vuto la batire. M'zochitika zimenezi njira ndi imodzi, kutsegula imelo nokha m'mawa, masana ndi madzulo, makamaka pamene mukudikira yankho la ntchito, la sukulu kapena la wogula katundu.

Mukatha kusintha, yesani musanakhulupirire. Chotsani foni pa tchaja, muisiye patebulo ola lathunthu osaigwira, ndipo pemphani mnzanu akutumizireni imelo kuchokera pa foni yake. Ikalira m'mphindi zochepa, zatheka. Ikakhala chete mpaka mutaitola, bwererani ku Phone Master kapena ku mndandanda wa mapulogalamu ogona, chifukwa pali khomo limodzi limene lidakali lotseka.