Kalendala imodzi ya banja lonse, kuyambira ku Chipinge mpaka ku Mangalande

Mabanja ambiri ochokera ku Malawi amene anakhazikika m'maesiteti a tiyi a ku Chipinge ndi ku Honde Valley anamwazikana. Makolo ali ku Ratelshoek kapena ku Aberfoyle, mwana wina ali ku Joni, wina ku Mangalande, malume ali kumudzi ku Mulanje. Tsiku la msonkhano wa banja likalengezedwa pa WhatsApp, limakwiririka ndi mauthenga ena. Kalendala imodzi ya pa intaneti imathetsa vutoli, bola muikonze bwino pa zinthu ziwiri: nthawi ya dziko ndi zikumbutso. Tigwiritsa ntchito Google Calendar, popeza ndi yaulere ndipo ambiri a foni ya Android amakhala kale ndi adiresi ya Gmail.

Kalendala yatsopano sipangidwa m'pulogalamu ya pafoni. Tsegulani `calendar.google.com` pakompyuta, kapena mu Chrome pafoni mutasankha `Desktop site`. Kumanzere, pafupi ndi `Other calendars`, dinani `+` kenako `Create new calendar`. Ipatseni dzina, monga Banja Lathu, ndipo pa `Time zone` sankhani Harare.

Mukatero, lowani pa `Settings and sharing` ya kalendalayo n'kulemba maadiresi a abale. Musapereke mphamvu zofanana kwa onse. Anthu awiri kapena atatu odalirika apatseni `Make changes to events`, ena onse `See all event details`, kuti aziona koma asamafufute mwangozi. Aliyense alandira imelo, ndipo ayenera kudina ulalo uli m'menemo. Ngati kalendala sikuoneka pafoni yake, alowe mu `Settings` ya pulogalamuyo, apeze dzina la kalendala, ayatse `Sync`.

Tsopano za nthawi. Zimbabwe, Malawi, Mozambique, Zambia ndi South Africa ali pa nthawi imodzi chaka chonse. Vuto limabwera ndi Mangalande, kumene amapititsa mawotchi patsogolo ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Malichi, n'kuwabweza Lamlungu lomaliza la Okutobala. Choncho ife timakhala patsogolo pawo ndi ola limodzi miyezi ina, ndi maola awiri miyezi ina.

Tiyerekeze kuti banja likusonkha ndalama za chiliza cha agogo, ndipo lagwirizana zokambirana pafoni Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse, 7 koloko madzulo nthawi ya ku Chipinge. Pa 4 Okutobala 2026, mwana wa ku Mangalande adzaona 6 koloko pafoni yake. Mawotchi akumeneko adzabwezedwa pa 25 Okutobala, ndiye pa 1 Novembala adzaona 5 koloko. Kalendala imawerengera yokha, kwa makolo nthawi sisuntha.

Koma ngati mwanayo ndiye walemba msonkhanowo, n'kuika 6 koloko pa nthawi ya London, zinthu zimatembenuka. Kwa iye 6 koloko ikhala yomweyo, pamene ku Chipinge msonkhano wa Novembala udzagwa 8 koloko usiku, bambo amene amalawirira kukathyola tiyi akufuna kugona. Chizindikiro chake n'chakuti msonkhano wobwerezabwereza umasuntha wokha ndi ola limodzi kumapeto kwa Malichi kapena Okutobala. Pofuna kupewa zimenezi, wolemba aliyense, kulikonse kumene ali, adine `Time zone` polemba chochitikacho n'kusankha Harare. Tsiku lenileni la chiliza kapena lobadwa lilembeni ngati `All day`, chifukwa lotere silisuntha m'dziko lililonse.

Pa zikumbutso m'pamene ambiri amapusitsika. Chikumbutso chimene mwaika inu chimalira pafoni yanu yokha, osati ya abale. Aliyense ayenera kuika chake mu `Settings`, pansi pa dzina la kalendalayo. Ikani ziwiri: cha tsiku limodzi nthawi isanakwane, kuti mutchaje foni ndi kugula bandulo, ndi cha mphindi 30, kuti mufike pamalo pamene netiweki imagwira. Kumbukirani kuti foni imaona kusintha pokhapokha ikalumikizana ndi intaneti. Mukasintha tsiku mwadzidzidzi, aimbireni foni amene amakhala m'makomboni movuta netiweki.

Musanaidalire, iyeseni. Lembani chochitika chongoyesera cha mawa masana, aliyense anene nthawi imene akuona ndiponso ngati foni yalira. Amene akuona nthawi yolakwika ayatse `Use device time zone` ndipo aonetsetse kuti wotchi ya foni ikudzikonza yokha. Amene foni yake sinalire aone ngati analola pulogalamuyo kutumiza zidziwitso, komanso ngati njira yosungira batire sikuitseka. Agogo opanda foni ya intaneti asankhireni mdzukulu mmodzi wowauza pakamwa chikumbutso cha tsiku limodzi chikangolira.