Kujambula gemu pa foni, mawu a gemu ndi anu omwe azimveka

Mnyamata wa kunyumba kwathu kuno ku Area 24 anagoletsa chigoli chokongola mu Dream League Soccer, nachijambula kuti anzake a ku Kawale achione. Chithunzi chinatuluka bwino, koma mawu ake anali chisokonezo: likhweru la woyimbira limamveka kawiri, njinga za kabaza zopita ku Ngwenya zikulira kumbuyo, iye mwini ngati akulankhulira mu ndowa. Vuto silinali foni. Anajambula gemu ikulira pa sipika, ndiye maikolofoni inkatola phokoso la sipikayo pamodzi ndi la pamsewu.

Yambani mwaona mtundu wa Android womwe muli nawo, pa Settings kenako About phone. Kujambula mawu a m'kati mwa foni kunayamba kuloledwa pa Android 10, m'chaka cha 2019, ndipo Android 11 inabwera ndi chojambulira chakechake. Kokerani pansi sikirini kuchokera pamwamba, mupeze Screen record. Musanayambe, sankhani Device audio and microphone. Pa Samsung mawu ake ndi Media and mic kapena Media sounds and mic. Pa iPhone, dinikizani kwa kanthawi batani lojambulira mu Control Center, muyatse Microphone. Mafoni a Tecno, Infinix ndi itel amalemba mosiyanasiyana, koma chomwe mukufuna ndi chimodzi: mawu a foni ndi a maikolofoni limodzi.

Tsopano valani mahedifoni a waya. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Mukasiya gemu ikulira pa sipika, foni imajambula mawuwo kawiri, koyamba m'kati, kachiwiri kudzera pa maikolofoni mochedwerako pang'ono, n'chifukwa chake likhweru lija linkadzibwereza. Mahedifoni amatseka sipika, ndipo kamaikolofoni ka pa waya kamakhala pafupi ndi pakamwa, motero mawu anu amaposa a chigayo cha kwa aneba. A Bluetooth sindiwalimbikitsa, chifukwa amachedwetsa mawu. Mumakuwa kuti chalowa mpira utakhala kale mu ukonde. Kawayako musakasiye kakukhudzana ndi malaya.

Mawu a gemu achepetseni mu Settings ya gemuyo, osati ndi mabatani a m'mbali mwa foni okha. Nyimbo zimitsani ndithu. Zimaphimba mawu anu, komanso zambiri zili ndi eni ake, ndipo YouTube kapena Facebook akhoza kuzimitsa mawu a kanema wanu chifukwa cha izo.

Kenako yesani kwa masekondi 20: sewerani, lankhulani, imitsani, mumvetsere. Mukamva gemu yokha, ndiye kuti maikolofoni yagwidwa ndi china, kawirikawiri kulankhulana ndi anzanu mu Free Fire kapena PUBG Mobile. Zimitsani maikolofoni ya mu gemumo muyesenso. Dziwaninso kuti mawu a anzanuwo nthawi zambiri sajambulika, pakuti Android imawatenga ngati kuyimbirana foni. Mukamva inu nokha, mwina munasankha Microphone basi, kapena eni gemuyo anatseka kujambula mawu ake. Ngati foni yanu ikukana kuphatikiza ziwirizi, jambulani gemu ndi mawu ake okha, ndemanga mudzayikepo pambuyo pake mu CapCut, usiku kunja kutakhala bata. Nthawi ya mvula, pamene malata akuchita phokoso, njira imeneyi ndiyo yabwino ngakhale pa foni yodula.

Nkhani ya bando ndi masamu chabe. Pomwe chojambulira chili ndi Bitrate, 8 Mbps imadya pafupifupi 60 MB pa mphindi iliyonse, pamene 4 Mbps imadya 30 MB. Mnyamata uja tinamuyikira 720p, 30 fps ndi 4 Mbps. Masewera a mphindi 6 anakwana pafupifupi 180 MB. Atadula n'kusiya mphindi imodzi ya zigoli, anatumiza osakwana 40 MB. Foni nayonso inasiya kudodoma, chifukwa kujambula pa 1080p kumayilemetsa ndi kuyitenthetsa, makamaka mukamasewera ili pa chaja. Tchajirani magetsi akadalipo, muzule, ndiyeno mujambule. Pa WhatsApp kanema amaphwanyidwa kuti achepe. Mukafuna afike monga alili, mutumizeni ngati Document, koma bando ipita yambiri.

Chomaliza ndikupempha makolo ndi ana omwe. M'nyumba zambiri foni yosewerera gemu ndi yomweyo yolandirira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo uthenga ukalowa mukujambula, dzina, nambala ndi ndalama zimaoneka mu kanemamo. Yatsani Do Not Disturb musanayambe, ndipo muonereni kanema yense mpaka kumapeto musanamutumize kwa aliyense.