CITHUNZI CA M'CIFUWA

Usiku mukaika dzanja lanu pakati pa nyali ndi khoma, pakhomapo paoneka mthunzi. Tsono mutenge bango ndi mwala wolingana nalo kukula, muziimike patsogolo pa nyaliyo. Mnzanu amene aona mithunzi yokha sangathe kunena kuti bango ndi liti, mwala ndi uti. Mthunzi utiuza pamene cinthu ciri ndi ukuru wace, koma suchula dzina la cinthuco. Sungani mau amenewa, pakuti cithunzi ca m'cifuwa cimene ajambula ku cipatala ciri mthunzi wotere.

Kuwala kojambulira cithunzi cimeneci kuchedwa ekisire. Anakutulukira ndiye Wilhelm Röntgen, mphunzitsi wa ku Würzburg m'dziko la Jeremani, m'caka ca 1895. Maso athu sakuona kuwala kumeneku, koma iko kupyola mnofu monga dzuwa lipyola nsaru yopyapyala. Röntgen anajambula dzanja la mkazi wace, ndipo pa cithunzipo panaoneka mafupa a zala ndi mphete.

Pojambula cifuwa, munthu abvula malaya ndi mikanda, natsamiza cifuwa cace pa cimbale cosalala. Makina otulutsa kuwala aima kumbuyo kwace, pafupifupi mamita awiri. Wojambula anena, "Kokani mpweya kwambiri, muugwire." Pamenepo kuwala kulowa kumsana, kupyola thupi, ndi kufika pa cimbaleco. Munthuyo samva kanthu. Kale cithunzi cinali kutuluka pa filimu yokha, koma zipatala zambiri tsopano zicionetsa pa kompyuta. Kawerengedwe kace nkamodzimodzi.

Pamene kuwala kwafika kwambiri, cithunzi cida. Pamene kwatsekerezedwa, ciyera. Mpweya sutsekereza kanthu, cotero mapapo abwino, amene ali odzala mpweya, aoneka akuda. Mnofu, magazi ndi madzi zitsekereza pang'ono, ndipo zioneka zotuwa kapena zoyererako. Mafupa atsekereza kwambiri, naoneka oyera. Citsulo ciyera koposa zonse. Apa pali msampha woyamba wa munthu wosaphunzira nchitoyi: iye ayesa kuti kuda ndiko matenda, kuyera ndiko moyo. Kawiri kawiri m'mapapo ziri mosemphana.

Mnyamata wina wa m'sukulu mwathu anaperekeza amalume ace ku cipatala ku Chipata. Amalumewo anagwirapo nchito ku migodi ku Kitwe, ndipo atabwerera kumudzi anatsokomola masabata anai, naonda, nacita thukuta usiku. Atawajambula, dotolo anayatsa cithunzico, mnyamata uja ali pambali. Anaona nthiti zoyera zopindika, ndipo pakati pace cinthu cacikuru coyera, conga mphonda yopendekeka. Mtima wace unagunda, ndipo ananong'oneza, "Amalume, cotupa cija ndi ico! Taonani kukula kwace."

Amalume anangoti zii, nkhope itagwa. Koma dotolo anamva mauwo, naseka pang'ono, nati, "Usaope, mwanawe. Ico wacionaco ndi mtima wa amalume ako, ndipo uli bwino. Sendera kuno ndikuonetse."

Dotolo anayamba ndi dzina ndi tsiku zolembedwa pa ngondya, kuti atsimikize kuti cithunzico ncawodi. Anamuonetsanso cilembo cosonyeza mbali, pakuti cithunzi aciyang'ana monga munthu wopenyana nawe: dzanja lace lamanja liri kumanzere kwako. Anawerenga nthiti. Munthu ali nazo khumi ndi ziwiri mbali iri yonse, ndipo akakoka mpweya bwino, zisanu ndi zinai kapena khumi zioneka kumsana pamwamba pa mnofu wopingasa umene ulekanitsa cifuwa ndi mimba. Mnofu umenewu unaoneka ngati zitunda ziwiri, ca kumanja cokwererapo cifukwa pansi pace pali ciwindi. Pansi pa citunda ca kumanzere panali kadontho kakuda. Mnyamata anayesa kuti ndi bowo, koma unali mpweya wa m'cifu, umene tonse tiri nao.

Kenaka dotolo anayeza mtima m'mimba mwace, nalinganiza ndi cifuwa conse. Mtima wa munthu wamkuru suyenera kupitirira theka la cifuwa, ndipo wa amalume sunafike pa thekapo. Timizere toyera tocokera pakati, tonga nthambi za mtengo, tinali mitsempha ya magazi ya m'mapapo.

Potsiriza analinganiza papo lamanja ndi lamanzere, kuyambira pamwamba kutsika pansi. Cala cace cinaima pamwamba pa papo lamanja, kuseri kwa fupa lopingasa la pansi pa khosi. Pamenepo panali kamtambo kotuwa, kosaposa ndalama yacitsulo. Mnyamata anapenyetsetsa, koma sakadakaona konse akadapanda kumlozera. Cinthu cimene cinamuopsya cinali cabwino, ndipo cimene cinadetsa nkhawa dotolo iye sanacione.

Amalume anafunsa, "Kodi ndiye kuti ndiri ndi cifuwa cacikuru, adotolo?"

Dotolo anati, "Ndiganiza cotero, bambo, cifukwa nthenda imeneyi ikonda pamwamba pa mapapo. Koma cithunzi cokha sicingaweruze mlandu. Mundipatse makhololo anu tikawayeze. Ndipo ngati muli naco cithunzi cimene anakujambulani ku migodi, mubwere naco."

Nanga ncifukwa ninji dotolo, amene anaphunzira zaka zambiri, sanafune kunena msanga? Zifukwa zazikuru ziripo zitatu, ndipo ndizo zitisonyeza malire a cithunzi.

Coyamba ndi cija ca bango ndi mwala. Mbali ya papo ikataya mpweya, ioneka yoyera, kaya mwalowa mafinya a cibayo, kaya madzi, kaya magazi, kaya cotupa. Cipsera ca nthenda imene inapola kale naco cisiya mthunzi. Kwa munthu wa ku migodi palinso cina: pfumbi la miyala limene anapuma zaka zambiri litha kusiya timadontho m'mapapo, makamaka pamwamba pomwepo. Zonsezi zifuna cithandizo cosiyana, koma mithunzi yace ingafanane.

Caciwiri ncakuti cifuwa ciri ndi kutsogolo, pakati ndi kumbuyo, koma cithunzi ciri caphwatalala. Zonse zimene kuwala kwapyola zisanjikizana pamalo amodzi, monga mithunzi ya anthu atatu oima mondondozana. Batani la malaya, nsonga ya bere, ngakhale tsitsi loluka lolendewera kumsana zingaoneke ngati ziri m'kati mwa papo. Ndiponso nthenda yeniyeni ingabisale kuseri kwa mtima kapena kwa fupa. Ncifukwa cace nthawi zina ajambulanso cithunzi caciwiri ca m'mbali.

Cacitatu ncakuti majambulidwe asintha cithunzi. Munthu akapanda kukoka mpweya mokwanira, mapapo aoneka oyererako pansi ndipo mtima uoneka waukuru. Akapotoka pang'ono, mbali imodzi ida koposa inzace. Wodwala wosatha kuimirira amjambula cocokera kutsogolo, mtima utatalikira cimbale, ndipo mthunzi wace ukula monga mthunzi wa dzanja ukula mukalisendeza ku nyali. Wosadziwa anganene kuti mtimawo watupa, pamene uli bwino.

Dziwaninso kuti cithunzi cooneka bwino sicitanthauza kuti munthu alibe nthenda. Wodwala mphumu angabanike kwambiri, cithunzi cace cosaonetsa kanthu. Cifuwa cacikuru congoyamba kumene, makamaka mwa munthu amene thupi lace lafoka ndi kacirombo ka edzi, nthawi zina sicioneka pa cithunzi. Komanso munthu wocira cibayo angakhale ndi mthunzi woyera masabata angapo atacira kale. Cotero dotolo aphatikiza zinthu zinai: mau a wodwala, zimene wamva pomvetsera m'cifuwa, cithunzi, ndi zotuluka poyeza makhololo kapena magazi.

Tsono mlandu wa amalume unatha motere. Anabwera naco cithunzi cakale, cojambulidwa zaka zisanu zapitazo, ndipo pamalo paja panalibe kamtambo. Ici cinasonyeza kuti mthunziwo unabwera m'zaka zimenezi, koma sicinanene cimene unali. Makhololo ndiwo anachula dzina: munapezeka tizirombo ta cifuwa cacikuru. Amalume anayamba mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi, ndipo a m'nyumba mwao, pamodzi ndi mnyamata uja, anawayezanso, pakuti nthendayi iyenda mu mpweya potsokomola.

Miyezi itatha, anawajambulanso. Mnyamata tsopano anadziwa poyang'ana, ndipo anapeza kamzere koyera pamalo pomwe paja. Anati, "Adotolo, nthenda ija ikalipo."

Dotolo anayankha, "Waona bwino, koma wamasulira molakwa. Ico ncipsera, monga ca pa bondo lako. Makhololo ao alibenso tizirombo, thupi labwerera, ndipo cifuwa catha. Cipseraco cingakhalepo moyo wao wonse. Bambo, musunge bwino zithunzi zimenezi ndi kalata wa cipatala, kuti dotolo wina akadzaona cipseraci adzadziwe kuti ncakale."

Tiganizire cimene cikadacitika amalume akadatenga cithunzi coyamba ndi kupita naco kumudzi osafunsa. Akadakhulupirira mphwao, akadayesa kuti ali ndi cotupa cacikuru, ndi kutaya mtima. Wina akadawauza kuti mapapo ali akuda bwino, akadakhala pansi osamwa mankhwala, nthenda nkupatsira ana. Inu mutha kuphunzira kuloza nthiti, mtima, mapapo ndi mnofu wopingasa, ndipo nkwabwino kutero, kuti muzimva pamene dotolo alongosola. Mutha kufunsanso kuti, "Kodi mthunziwo uli pati? Kodi ungakhale ciani? Kodi tiyezenso ciani kuti tidziwe?" Koma kuchula dzina la nthenda poyang'ana mthunzi wokha, ngakhale dotolo sacita mofulumira.

MAFUNSO

1. Ncifukwa ninji mapapo abwino aoneka akuda, mafupa naoneka oyera?
2. Kodi mnyamata analakwa bwanji poyamba, ndipo analakwa bwanji potsiriza?
3. Chulani zinthu zitatu zimene zingaonetse mthunzi woyera m'papo.
4. Cithunzi cakale cinathandiza bwanji, ndipo makhololo anathandiza bwanji?

ZOCITA

Madzulo ano imikani cikho pafupi ndi khoma, nyali iri patali, muyeze mthunzi wace ndi cingwe. Mucisendeze ku nyali, muyezenso. Mawa mudzalongosole cifukwa cace mtima uoneka waukuru pojambula cocokera kutsogolo.