Bilu ya kuchipatala yopanda tsatanetsatane

Zikomo amayi a ku Dómue chifukwa cha kalata yanu. Mukuti mwana anagonekedwa pa chipatala cholipira ku Ulongwe, ndipo akupatsani kapepala kongolemba ndalama zonse pamodzi. Musalipire kaye. Pitani ku ofesi yolipirira, muwapemphe alembe chilichonse pachokha: masiku a bedi, kuyeza magazi, mankhwala, jakisoni. Yerekezani ndi khadi la mwana. Mankhwala amene munagula nokha kufamasi asawonekenso pamenepo, ndipo tsiku lotuluka lisawerengedwe kawiri.

Kuti akuchotsereniko ndalama, pezani kalata ya amfumu kapena mlembi wa dera yochitira umboni kuti ndinu osauka, mupite nayo kwa mkulu wa chipatala. Musangoti "ndilibe". Tchulani metikashi amene mungathe lero, otsalawo mukagulitsa mbatatesi. Zimene mwagwirizana zilembedwe, ndipo mutenge lisiti.