Phunziro la Kompyuta: Kodi kakompyuta kakang'ono kangaseweretse magemu?

M'mashopu ogulitsa makompyuta a kaunjika ku Lilongwe mumapezeka timakompyuta tating'ono tokula ngati buku la masamu, tomwe tinagwirapo ntchito m'maofesi a kunja. Timakopa chifukwa mtengo wake ndi wofikirika ndipo sititha magetsi ambiri. Ophunzira amafunsa ngati tingaseweretse gemu ya mpira, pomwe makolo ndi a komiti amafuna kudziwa ngati ndalama zawo sizilowa m'madzi. Yankho lagona pa zinthu ziwiri: magetsi amene kakompyutako kamaloledwa kudya, ndi kutentha kumene kangathe kutulutsa kunja.

Mawati 65 a banja lonse

Titenge chitsanzo cha Dell OptiPlex 7040 Micro. Ndi kabokosi ka masentimita pafupifupi 18 m'litali ndi m'lifupi, ndipo kuchindikala kwake sikufika masentimita 4. Kawirikawiri mkati mwake mumakhala purosesa ya Intel Core i5-6500T, yomwe inatuluka mu 2015. Purosesa ndiye ubongo wa kompyuta, umene umachita masamu onse.

Mukatembenuza adaputa yake mupeza palembedwa 19.5V ndi 3.34A. A Fomu 3 ndi 4 akumbukira za m'Fizikisi kuti P = V × I, kutanthauza kuti tikachulukitsa mavoti ndi maampi timapeza mawati. Apa tikupeza mawati 65. Ndiwo ufa wa banja lonse: purosesa, memore, chosungira mafayilo, fani ndi zonse zolumikizidwa pa USB zimadya momwemo.

Purosesa payokha anaiikira malire a mawati 35, ndipo chilembo T kumapeto kwa dzina lake chimasonyeza zimenezi. Mkulu wake, i5-6500 wopanda T, amene amaikidwa m'makompyuta aakulu, ndi wa mawati 65. N'chifukwa chake wamkuluyo liwiro lake la nthawi zonse ndi 3.2 GHz, pomwe wamng'onoyu ndi 2.5 GHz.

Tsono gemu imafuna wantchito wachiwiri, wojambula zithunzi zimene timaona pa sikirini. M'kompyuta yaikulu ya magemu wojambulayu ndi khadi yapayokha yokhala ndi fani yakeyake. M'kabokosi kathu mulibe malo a khadi yotere. Wojambula wake, HD Graphics 530, ali mkati mwa purosesa momwemo, ndipo awiriwa amagawana mawati 35 aja. Wina akatapa chambiri, mnzake amatsala ndi chochepa.

Apa mpamene funso la gemu ya mpira limayankhidwa. Opanga EA Sports FC 24 ananena kuti khadi yotsikitsitsa yoyenera gemuyi ndi yofanana ndi GTX 1050 Ti. Khadi imeneyi payokha ndi ya mawati 75, kuposa mawati onse amene adaputa yathu imapereka. Choncho magemu atsopano olemera chotere iwalani. Koma magemu opepuka ndi akale, monga SuperTuxKart, Minecraft kapena PES 2013, amayenda ndithu mukachepetsa zokongoletsa zithunzi.

Magetsi onse amasanduka kutentha

Bwanji opanga sanangoika adaputa yaikulu? Chifukwa pafupifupi wati iliyonse imene yalowa m'kompyuta imasanduka kutentha, ndipo kutenthako kuyenera kutuluka. M'kabokosi kathu muli kafani kamodzi kokha, kamene kamaombera mphepo pa timapiko ta chitsulo tokhala pamwamba pa purosesa. Purosesayo ikafika madigiri pafupifupi 100, imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse. Wosewera amangoona gemu yayamba kudukiza.

Mfundo yofunika ndi iyi: fani siipanga kuzizira, imangogwiritsa ntchito mpweya wa m'chipindamo. Tiyerekeze kuti gemu ikamayenda purosesa imatentha madigiri 60 kuposa mpweya wozungulira. M'mawa wa Julaye, chisanu chili tsetsetse ku Ntchisi, m'chipinda muli madigiri 15, purosesa ikhala pa 75 ndipo palibe vuto. Masana a Okutobala, m'nyumba ya malata yopanda siling'i ku Mponela, m'chipinda mungafike madigiri 33, purosesa ifika pa 93. Onjezani fumbi la m'chilimwe limene latseka timapiko tija, madigiri 100 akwana. Kompyuta ndi yomweyo, gemu ndi yomweyo, koma liwiro lasiyana.

Kudziwa chimene chikuvuta

Gemu ikamadukiza tisathamangire kugula chinthu. Pulogalamu yaulere ya HWiNFO64 imaonetsa zimene zikuchitika mkati. Itsegulireni, sewerani mphindi 20, kenaka onani mizere itatu: kutentha kwa purosesa, mzere wa Thermal Throttling, ndi wa CPU Package Power.

Ngati gemu imayamba bwino n'kuyamba kudukiza pakapita mphindi zingapo, fani ikulira kwambiri, madigiri ali pafupi ndi 100 ndipo Thermal Throttling yalemba Yes, vuto ndi kutentha. Limeneli lili ndi mankhwala. Zimitsani, zulani adaputa, tsegulani chivundikiro ndipo chotsani fumbi ndi kaburashi kouma mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire. Kompyuta yakale chonchi imafunanso kusintha kaphala kamene kamapakidwa pakati pa purosesa ndi chitsulo choziziritsa, chifukwa kakauma kutentha sikudutsa bwino. Ntchito imeneyi apatseni odziwa. Ndipo musaphimbe kabokosiko ndi chitenje ikuyaka, kapena kukatsekera m'kabati poopa fumbi.

Ngati madigiri ali cha m'ma 70 koma mawati afika pa 35 n'kuima pompo, kompyutayo siikudwala. Yafika pamalire amene anaiikira. Chotsala ndi kuichepetsera katundu. Sikirini ya 1920 × 1080 ili ndi timadontho toposa mamiliyoni awiri tofunika kujambula pa chithunzi chilichonse, pomwe ya 1280 × 720 ili ndi 921,600, tosafika theka. Kusintha kumeneku sikulira ndalama.

Ngati liwiro lakakamira pa 0.8 GHz ngakhale kompyuta ili yozizira, yang'anani adaputa. Makompyuta a Dell amafufuza mtundu wa adaputa kudzera pa kasingano ka pakati pa pulagi. Akalephera kuizindikira, amachenjeza poyatsa ndipo amatsitsa liwiro dala.

Pogula ndi polumikiza ku sola

Pogula funsani ngati muli timitengo tiwiri ta memore kapena kamodzi. Wojambula wathu alibe memore yakeyake, amabwereka ya kompyuta. Tiwiri ta 4 GB timatsegula misewu iwiri, pomwe kamodzi ka 8 GB kamatsegula umodzi, ndipo pa magemu kusiyanaku kumaoneka. Pemphaninso kuti aiyatse pamaso panu, igwire ntchito yolemera kwa mphindi 20, osati kungoonetsa kuti yayaka.

Malire a magetsi aja ali ndi ubwino wake. Batire ya mavoti 12 ya 100Ah imasunga 1,200 Wh, koma ya asidi tiyenera kuigwiritsa theka lokha kuti ikhalitse, ndiwo 600 Wh. Tiyerekeze kuti kabokosi, sikirini ndi inveta pamodzi zikudya mawati 75: tipeza maola 8. Kompyuta yaikulu ya magemu yodya mawati 300 ingaume pa maola awiri. Kwa banja limene likufuna chida cholembera, chophunzirira mapulogalamu ndi kagemu kopepuka Loweruka, ngakhale magetsi a ESCOM atathima, kabokosika ndi kokwana. Wofuna magemu a chaka chino asunge ndalama zake.

Ntchito ya kunyumba

1. Adaputa yalembedwa 20V ndi 4.5A. Ikupereka mawati angati? Kodi ingakwanitse purosesa ya mawati 35 ndi khadi ya mawati 75 pamodzi?
2. Kompyuta ikudukiza, ili pa madigiri 72 ndi mawati 35. Kodi kuchotsa fumbi kungathandize? Fotokozani chifukwa chake.