Kodi Uthenga Wanu Wamveka? Uyeseni Musanaukhome

Alimi anzathu, makamaka inu alembi a makalabu ndi akapitawo a m'maesiteti, mumalemba zidziwitso kawirikawiri. Chidziwitso chimamveka bwino kwa mwini wake chifukwa iye akudziwa kale chimene afuna kunena. Tsono musanachikhome pa shedi, yambani mwachiyesa pa anthu ochepa.

Tinene kuti kapitawo walemba chotere: "Thirani feteleza wachiwiri mu fodya pakatha masabata atatu. Kumbani maenje awiri, thirani kapu imodzi."

Sankhani anthu atatu amene sadalipo polemba: tenanti wakale, tenanti watsopano, ndi wina wosatha kuwerenga. Muonane nawo mmodzimmodzi kuti asatengerane mayankho. Wosatha kuwerenga mumuwerengere monga momwe zalembedwera, osaonjezapo kanthu.

Akatha, pindani pepalalo. Musafunse kuti, "Mwamva?" pakuti munthu waulemu amavomera ngakhale sadamve. Nenani kuti, "Bambo, ndifuna kuona ngati ndalemba bwino. Tandiuzani m'mawu anuanu, mukachita chiyani kumunda?" Motero munthuyo adziwa kuti chikuyesedwa ndi chidziwitso, osati nzeru zake. Lembani zimene anena ndipo musamudule mawu.

Woyamba anena kuti awerenga masabatawo kuyambira tsiku lowokera. Wachiwiri awerenga kuyambira tsiku limene adathira feteleza woyamba. Wachitatu athira kapu yodzaza m'dzenje lililonse, pamene kapitawo amafuna kapu imodzi igawidwe m'maenje awiriwo. Munthu ameneyu thumba lake lithera pakati pa munda, ndipo fodya wotsalayo sadzalandira kanthu, koma ngongole ya thumbalo idzadulidwabe pogulitsa. Onaninso kuti palibe amene watchula kukula kwa kapu, chikhalirecho makapu a feteleza ali ndi manambala osiyanasiyana.

Wolakwa si tenanti, koma pepala. Kapitawo alembenso chotere: "Pakatha masabata atatu chiwokereni fodya, kumbani maenje awiri pa mtengo uliwonse. Dzazani kapu imene talemba nambala yake pansipa, ndipo muigawe pakati, theka dzenje ili, theka dzenje linalo. Kwirirani."

Kenaka ayese pa anthu ena atatu. Oyamba aja sangathandizenso chifukwa adziwa kale yankho.

Chenjerani ndi munthu wongobwereza mawu a pa pepala monga mwana woloweza phunziro. Kuloweza si kumva. Mpatseni kapu ndi mchenga kuti akuonetseni pansi momwe akathirire.

Dziwaninso kuti njirayi imangoonetsa ngati uthenga wamveka. Siikuuzani ngati muyezo umene mwalembawo ndi woyenera. Zimenezo mufunse alangizi a dera lanu musanalembe.